Mwala wa Febuluwale

1

Ine ndinangofuna kugulira amayi anga mphete. Koma pasanathe mwezi munthu anali atataya diso, abambo anga ndi achimwene anga ali m'manja mwa apolisi, ndipo dzina la banja lathu likutafunidwa m'malo onse omwera mowa a m'tauni yathu ya migodi ya Coober Pedy. Anthu akamba zambiri, zina zoona, zina zothira mchere. Lero ndiloleni ndikambe ndekha.

Dzina langa ndine Jasna Perković, ndimagwira ntchito pa bekale. Abambo anga, a Stipe, anachoka ku Croatia ali mnyamata ndipo moyo wawo wonse anathera pansi, kukumba opalo, mwala wamtengo wapatali wonyezimira mitundumitundu. Anali munthu wosachedwa kukweza dzanja. Nyumba yathu ndi ya pansi ngati za anzathu ambiri, yogobedwa m'thanthwe, ndipo ubwino wake ndi woti kunja kukamawotcha m'kati mumazizira. Kuipa kwake ndi koti mkazi akamalira m'menemo, aneba samva.

Amayi, a Nevenka, ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi kumapeto kwa Okutobala. Mwala wa Okutobala ndi opalo, ndiye chaka chilichonse abambo ankawaponyera opalo patebulo. Osati weniweni wathunthu ayi, ameneyo ankagulitsa. Wa amayi ankakhala kachidutswa kopyapyala komata ndi guluu pamwala wakuda. Ukatsuka nako mbale, madzi amalowa m'guluumo, kenako kamachita mbuu ngati diso la nsomba yakufa. Amayi ankangothokoza n'kukaika m'kabati.

Chaka chimenecho ndinakoka achimwene anga a Branko kuti tipite kwa Mayi Fotini, Mgiriki wokalamba amene amapanga mphete ndi kudula miyala pamsewu waukulu.

"Ine za miyala ya azimayi sindizidziwa," anatero a Branko tikulowa. "Ndipo ndasiya jenereta ikulira kumgodi."

"Imani pamenepo, achimwene. Amayi anu sabadwa kawiri."

Mayi Fotini anakweza magalasi awo pachipumi. "Ana a Stipe onse awiri m'sitolo mwanga? Kwagwanji?"

Nditawafotokozera anapukusa mutu. "Opalo wina? Nevenka wakhuta naye. Ndiponso opalo pa chala cha munthu wogwira ntchito ndi kumuzunza. Ndi wofewa, ali ndi madzi m'kati, ukamugunda pa sinki amang'aluka. Mphatso ya mayi ili pawiri, mwana wanga. Mwina umupatsa mwala wa mwezi umene iye anabadwa, kapena mum'pangira mphete yokhala ndi miyala ya miyezi imene ana ake anabadwa. Mwana aliyense mwala wake, wamkulu poyamba, kutsika mpaka chitsirizira. Ngakhale mwana amene anamwalira amaikidwa."

Anatulutsa thireyi ya nsalu yakuda n'kumaloza ndi kapani. Januwale ndi ganeti wofiira ngati vinyo. Febuluwale ametisiti wapepo, Malichi akwamarini wooneka ngati madzi. Epulo ndi daimondi, ndipo anati ana a Epulo amasaukitsa makolo. Meyi emeraldi wobiriwira, wokongola koma wosachedwa kusweka. Juni ngale, imene sigwirizana ndi viniga kapena mafuta onunkhira. Julaye rube, Ogasiti peridoti, Novembala topazi, Disembala tekoisi amene amamwa thukuta n'kusintha mtundu.

"Iwe unabadwa liti?" anandifunsa.

"Seputembala."

"Safiro. Wolimba, amangogonja kwa daimondi yekha. N'chifukwa chake uli ndi mutu wouma. Nanga chimphonachi?"

"Januwale," anayankha a Branko.

"Ganeti ndi safiro, onse amapirira sopo ndi madzi otentha. Ndiwazinga ndi golide kuti asakole m'nsalu. Iwe ungondibweretsera muyeso wa chala chawo."

Tili pomwepo, analowa Glen Harker. Glen anali mlendo wochokera ku Adelaide, wa zaka zopitirira makumi anayi, mwini makina obowola maenje a migodi. Anabwera m'tauni mwathu chaka chomwecho, ndipo dzenje latsopano la abambo anabowola ndi iyeyo. Anali wofatsa, wosamwa, wa maso oti akakuyang'ana ankachita ngati akufuna kukufunsa kanthu.

Mayi Fotini anamutsegulira kabokosi kuti aone ntchito yake. Munali kaunyolo ka siliva ka m'khosi, kumapeto kwake kamwala kapepo kooneka ngati dontho.

A Branko anasuzumira n'kuseka. "Aa, Glen, wapeza kale? Ndani wakomoka ndi nkhope imeneyi kuno? Kapena ndi wosaona?"

"Ndi ka munthu wofunika," anatero Glen, natseka kabokosiko. Anandiyang'ana ine nthawi yaitali, mpaka ndinachita manyazi n'kuyang'ana kumbali.

2

Lachinayi masana ndinapita kwa amayi ndi kaulusi m'thumba. Ndinkafuna kuba muyeso wa chala mwanzeru, ndikunamizira kuwadzoza mafuta m'manja. Ndinadziwa kuti abambo ali kumgodi.

Panja ndinapeza galimoto ya Glen.

Ndinatsika masitepe mwakachetechete. Chitseko cha kukhitchini chinali chotsekuka pang'ono. Amayi anga, amene sindinawaonepo akugwira ngakhale dzanja la abambo, anali atagwira nkhope ya Glen ndi manja awiri. Ankamusisita tsitsi, akulira, akumupsompsona pachipumi. Kamwala kapepo kaja kanali pakhosi pawo.

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Ndinakankha chitseko ndi phazi.

"Pepani, ndasokoneza."

Glen anadzuka. "Jasna, tandimvera."

"Iwe usanditchule dzina. Tuluka m'nyumba ya abambo anga."

Anayang'ana amayi. Amayi anapukusa mutu pang'ono, ngati akumuletsa kulankhula. Iye anatola chipewa chake n'kukwera masitepe.

"Amayi, pa msinkhu wanuwu? Munthu woti mukanatha kumubereka?"

Amayi anatseka pakamwa ndi dzanja. Ndinaganiza kuti ndi manyazi.

"Mwana wanga," anatero, "usawauze abambo ako. Ndipatse masiku, ndidzakuuza zonse."

"Sindikufuna kumva. Bweretsani dzanja."

Ndinawazunguliza kaulusi pachala mwankhanza, ndikumanga mfundo mano ali gwa. Mphatso ndinali nditaitanitsa kale, ndiye ndinati ipangidwe basi. Ulusiwo unasiya mzere pachala chawo, ndipo sanadandaule. Ndikutuluka ndinawaona akulowetsa kaunyolo kaja m'kati mwa diresi.

Kunena zoona, amayi ndinkawamvera chisoni moyo wanga wonse. Akanathawa abambo ndikanawanyamulira sutikesi. Koma kuwaona akupatsa mlendo chikondi chimene ife ana awo tinkachilandira mobisa, pang'onopang'ono, chinandiwawa. Inali nsanje, ngakhale nthawi imeneyo ndinkaitcha ulemu wa banja.

3

Lamulungu lililonse tinkadya kwa makolo. Tsiku limenelo kunali nyama ya nkhosa yowotcha ndi sarma, masamba a kabichi okulungamo nyama ndi mpunga. Abambo anali atayamba kale botolo lawo la rakija, kachasu wa kwawo, ndipo ankatukwana ogula opalo kuti onse ndi akuba.

Amayi anawerama kuti awaikire mbatata m'mbale. Kamwala kaja kanatuluka m'diresi n'kumalendewera pamaso pa abambo.

Abambo anaika foloko pansi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndinagula ndekha, bambo a Branko."

"Ndi ndalama ziti? Iwe uli ndi ndalama?"

A Branko anali atasiya kutafuna. Anayang'ana kamwalako, kenako anayang'ana ine. Ndinawapondaponda phazi pansi pa tebulo, koma achimwene anga akamwa mowa pakamwa pawo palibe chotsekera.

"Aka ndi ka Glen," anatero. "Tinakaona kwa Fotini. Anati ndi ka munthu wofunika."

Abambo sanakuwe. Anagwira kaunyoloko n'kukakoka mpaka kanadula khungu la pakhosi pa amayi kasanaduke. Kenako anawamenya mbama ndi kuseri kwa dzanja, amayi n'kukagwera pa chitofu. Poto wa sarma anagubuduka. Ndinalumpha kuti ndilowe pakati, abambo anandikankha ndi chigongono pamphuno, magazi n'kuyamba kuchucha pa bulawuzi yanga.

"Hule lokalamba. Ndikukumba pansi ngati mfuko, iwe ukuitanira amuna m'nyumba mwanga?" Anawakoka tsitsi. "Yankha. Wakhala akubwera muno?"

Mlomo wa amayi unali utang'ambika.

Abambo anatembenukira kwa ine. "Iwe sunama. Unamuonapo muno?"

Ndinali ndi mantha, ndinalinso ndi mkwiyo uja wa Lachinayi. Ndinati, "Galimoto yake ndinaiona."

Anaponda kamwalako ndi jombo, n'kukapera pathanthwe la pansi. Kenako anabwerera patebulo, nadzithirira rakija wina.

"Branko, mawa sitikumba," anatero. "Tili ndi ntchito ina."

A Branko anagwedeza mutu, maso ali psu. Kuyambira ali mwana ankaona amayi akumenyedwa osachitapo kanthu, ndipo tsopano anapeza munthu woti amuimbe mlandu pa zonsezo.

Ndinatola kamwalako. Kanali katabenthuka mbali imodzi koma sikanasweke. Ndinadzutsa amayi n'kupita nawo kwanga. Abambo sanatiletse.

Kunyumba kwanga amayi anapempha foni n'kudzitsekera m'bafa. Ndinamva akunong'ona, "Choka lero lomwe. Chonde, choka." Atatuluka ndinawafunsa ngati alibe mawu kwa ine. Anati Glen akangochoka m'tauni zonse zitha, palibe chifukwa chokumba zakale. Ndinawaponyera thaulo la madzi oundana n'kukagona chokwiya.

4

M'mawa mwake ndinalawirira kwa Mayi Fotini. Ndinkafuna munthu womukalipira. Ndinaponya kamwala kaja pagalasi la kauntala.

"Mukamapangira amuna zokopera akazi a eni, mumagona tulo?"

Anayang'ana mphuno yanga yotupa, kenako kamwalako. Anakatola ndi kapani n'kukayang'ana pagalasi lokulitsa.

"Ndani waponda ametisiti wanga?"

Ndinawauza zonse. Sanandidule mawu. Nditamaliza anavula magalasi.

"Ndiye kuti munthu wake anali Nevenka," anatero. "Ine sanandiuze dzina. Khala pansi, iwe mtsikana. Glen atabwera anati akufuna mwala wa mwezi wobadwa. Ndinamufunsa kuti mayiyo anabadwa liti. Anati Okutobala. Ndinamutulutsira opalo wanga wabwino, wathunthu, wamoto wofiira. Anamukankhira kumbali. Ndinati ngati opalo sakumufuna, Okutobala ali ndi mwala wina, tomalini. Anakananso. Anati akufuna wa Febuluwale."

"Ndiye?"

"Ndinamuuza kuti ametisiti kuno ndi wovuta, dzuwa lathuli limamuzimitsa mtundu, ayenera kubisidwa m'zovala. Anati zili bwino, adzabisidwa ndithu. Ndinamufunsa kuti Febuluwale ndi wa ndani. Anati ndi wake, ndi mwezi umene iye anabadwa."

"Ndiye kuti ndi wodzikonda."

"Jasna, ndakalambira pa benchi iyi. Mwamuna wofunsira amagula mwala wa mwezi wa mkazi, kuti mkaziyo aone kuti tsiku lake lakumbukiridwa. Ndaona amuna oiwala mwezi, ndaona osokoneza wa mkazi ndi wa chibwenzi. Koma amene amapatsa mayi mwala wa mwezi wake wa iye mwini ndi mtundu umodzi wokha wa anthu. Iwe ndi Branko munabwera kudzagula miyala ya miyezi ya ndani?"

Ndinakhala ngati wathiridwa madzi ozizira. Ndinakumbukira mmene amayi anamugwirira nkhope. Sanamupsompsone pakamwa, anamupsompsona pachipumi, mmene ankachitira ndi ine ndikadwala. Ndinakumbukiranso kuti Febuluwale aliyense amayi ankayatsa kandulo kutchalitchi, tikawafunsa n'kumati ndi ya mizimu yoiwalika.

Ndinatola kamwalako n'kutuluka osatsanzika. Ndinawapeza amayi atakhala pabedi, foni ili m'manja.

"Sakuyankha," anatero.

"Glen anabadwa mu Febuluwale, amayi. Munali kuti Febuluwale ameneyo?"

Anandiyang'ana, nkhope yawo n'kuphwasuka.

"Lowani m'galimoto. Mundiuza tikuyenda."

Tikuthamanga pamsewu wafumbi wopita kumigodi, anandiuza. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ku Adelaide, asanadziwane ndi abambo. Mnyamata amene anawapatsa mimba anathawa. Agogo anawatumiza kunyumba ina yosungirako atsikana oyembekezera opanda amuna. Pobereka anawatchinga ndi pilo kuti asaone mwana. Anangomva kulira, mwana n'kutengedwa kukapatsidwa kwa eni ena. Anawauza kuti apite kwawo akaiwale.

"Ndinkangodziwa kuti ndi mwamuna, ndiponso mwezi wake," anatero. "Wandifunafuna zaka zambiri. Makina aja anabwera nawo kuno chifukwa cha ine."

"Nanga dzulo osanena bwanji? Mpaka kulola kutchedwa hule?"

"Abambo ako anandikwatira akudzitama kuti apeza namwali. Ankanena patebulo, nawenso unkamva, kuti mwana wapathengo ndi wofunika kumuponya m'dzenje. Ndinati bola andimenye ine ngati hule, Glen athawe ali moyo. Koma pafoni anandiyankha kuti, amayi, ndinachotsedwa kamodzi, sindichotsedwanso."

Ndinaimbira apolisi ndi dzanja limodzi, lina lili pa chiwongolero.

5

Makina a Glen ankaonekera patali, ataima pakati pa milu yoyera ya dothi la m'migodi. Injini inali ikulira yokha. Galimoto ya abambo inali itatsekereza ya Glen.

Tinatsika n'kuyamba kuthamanga. Amayi, ndi mlomo wotupa, ankadumpha pakati pa maenje ngati mtsikana. Ine ndinkayang'ana pansi, chifukwa kumeneko dzenje lililonse ndi lakuya kuposa nyumba zosanja, ndipo ambiri alibe chovindikira.

Glen anali pansi, chagada. Malaya ake anali ofiira. Dzanja lake lamanja linali litapindika pamene sipapindika. A Branko anaima pambali pake ndi mpini wa piki, akupuma ngati ng'ombe. Abambo anali ndi chitsulo chobowolera, ndipo tikufika anamumenya nacho kumaso. Phokoso lake sindidzaliiwala.

Glen sanabwezere. Ndinamva pambuyo pake kuti sanakweze ngakhale dzanja, ankangoti, "Branko, sindingakumenye iwe," ndipo mawu amenewo ndi amene ankawapsetsa mtima achimwene.

"Gwira miyendo," anatero abambo. Pafupi pomwepo panali dzenje latsopano limene Glen anabowola m'mawa womwewo. "Adzikumbira yekha manda. Tidzati anayenda chobwerera."

A Branko anaponya mpini pansi n'kugwira akakolo a Glen. Anayamba kumukoka. Mutu wake unkasiya mzere wofiira m'fumbi loyera.

Amayi anadziponya pachifuwa pa Glen n'kumukumbatira.

"Taonani," anatero abambo akuseka. "Wabwera kudzalira mwamuna wake. Choka apo, Nevenka, kapena mupitira limodzi."

"Branko," anatero amayi. Sanakweze mawu, koma anamveka ngakhale injini inkalira. "Siya miyendo ya mkulu wako."

A Branko anawayang'ana ngati sanamve.

"Ndi mwana wanga woyamba. Ndinamubereka iwe usanabadwe, abambo ako ndisanawadziwe. Anandilanda. Tamuyang'ana manja, mwana wanga. Tayang'ana zala zake ndi zako."

Ndinatulutsa kamwala kaja m'thumba. "Ndi ka Febuluwale, achimwene. Ndi mwezi wake. Anawapatsa amayi mwala wake, monga ife tinkafunira kuwapatsa yathu."

A Branko anasiya miyendo ija. Anayang'ana manja awo, amagazi mpaka m'zigongono, kenako dzanja la Glen limene linatsala labwino. Zala zazifupi, chala chachikulu chophwatalala, ngati za amayi. Anagwada n'kusanza.

Abambo anaima osagwedezeka. Nkhope yawo inayera, kenako inada.

"Zaka zonsezi," anatero. "Ndinadyetsa mkazi wotha kale. Unabwera m'nyumba mwanga ndi bodza, ndiye wandibweretseranso chimwana chako chapathengo patebulo panga, ndikuchidulira nyama."

Anakweza chitsulo chija pamwamba pa mutu wa amayi. Amayi sanasunthe, anangophimba nkhope ya Glen ndi thupi lawo.

A Branko, amene moyo wawo wonse sanayankhepo abambo, anatola mpini wa piki. Anamenya mkono wa abambo ndi mphamvu zonse. Fupa linathyoka, chitsulo n'kugwera m'dzenje. Tinachimva chikugunda m'mbali, kenako phokoso lakutali pansi.

Abambo anakhala pansi atagwira mkono, akutukwana m'chinenero cha kwawo. A Branko anaima pakati pa iwo ndi amayi, mpini uli m'manja, misozi ikutsika m'fumbi la pankhope.

"Mukadzuka, ababa, ndithyola winawo," anatero.

Anaima choncho mpaka apolisi anafika. Sanathawe, anawatambasulira okha manja.

6

Glen anamutenga pa ndege ya madokotala kupita ku Adelaide. Diso lamanzere linatheratu. Lamanja analipulumutsa, koma kwa milungu ingapo maso onse anali omangidwa nsalu. Amayi anapita naye ndipo sanachoke pambali pa bedi lake.

Ine ndinatsala. Ndisananyamuke kuwatsatira ku Adelaide ndinakaona a Branko m'chitokosi. Anali ataonda, osafuna kundiyang'ana.

"Mphete ija yatha?" anafunsa.

"Yatha. Koma ndilibe nayo mtima."

"Ubwerere kwa Fotini. Aikepo wake. Ndipo aike poyamba, usalole kuti aike kumapeto ngati chigamba."

Mayi Fotini anati mphete ya miyala iwiri sungangoiboola n'kuwonjezera wachitatu. Moto wowotcherera golide ungasinthe mtundu wa ametisiti kapena kumung'alula. Anachotsa ganeti ndi safiro, anasungunula golide uja, napanga mphete ina ya mipando itatu. Ndinawapempha kuti asagule ametisiti watsopano. Anatenga yemwe uja abambo anaponda, namudula mbali yobenthukayo, namusema kuti afanane kukula ndi anzake. Anatuluka wamng'ono kuposa kale, koma wosalala. Anamuika pomaliza, moto wonse utatha, pamalo oyamba.

Tsiku lobadwa la amayi tinalichitira m'chipatala, ndi keke ya m'sitolo ndi makapu a pepala. Ndinawaveka mpheteyo. Muyeso wa kaulusi kanga kankhanza kaja unali wolondola.

Kenako ndinaima pafupi ndi bedi. Glen ndinali ndisanamulankhule chiyambire tsiku lija ndinamuthamangitsa m'khitchini.

"Achimwene," ndinatero. "Ndine Jasna. Ndine amene ndinanena za galimoto yanu."

"Ndikudziwa," anatero Glen. "Ndinkafuna kukuuza tsiku lija m'sitolo. Unkafanana kwambiri ndi amayi." Anatambasula dzanja lake lamanzere. "Akuti pali mphete. Ndiione."

Amayi anaika dzanja lawo m'dzanja lake. Anapapasa ndi chala, mwala umodzi, wachiwiri, wachitatu.

"Itatu," anatero. "Wanga ndi uti?"

"Woyamba," anayankha amayi.

Anasiya chala chake pamenepo. Nsalu ya kumaso kwake inayamba kunyowa, nesi n'kubwera kudzatikalipira kuti tikumuliza wodwala.

Abambo ali kundende ndipo sanatilemberepo. Amayi sanabwererenso kunyumba ya pansi ija. A Branko nawonso anamangidwa, ndipo Glen amapita kukawaona, ngakhale sangathenso kuyendetsa makina ake. Diso limenelo silidzabwerera, ndipo ine ndikamuyang'ana ndimadziwa kuti mawu anga atatu aja ali m'gulu la zimene zinalichotsa.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukuganiza zogulira amayi anu mwala. Gulani, ndi mphatso yabwino. Sankhani wolimba ngati amagwira ntchito ndi manja, ndipo musawapatse wa guluu. Koma musanauze wosula mphete kuti aikepo miyala ingati, khalani nawo pansi amayi anuwo, muwafunse modekha, popanda wina aliyense m'chipindamo. Ife tinkaganiza kuti amayi athu timawadziwa chifukwa anatibereka. Ine ndinapita kusitolo ndikuwerenga ana awiri, pamene amayi anga Febuluwale aliyense ankawerenga atatu.